Kalata yofunsira ntchito ya tsamba limodzi: mafunso ndi mayankho pa chiyambi, umboni ndi mathero

Kalata yantchito ambirife tinaiphunzira kusukulu: keyala ziwiri, deti, malonje, mutu, kenaka chiyambi, thunthu ndi mathero. Kayalidwe kameneko sikanasinthe. Chimene aphunzitsi analibe nthawi yotiuza ndi momwe kalatayo imawerengedwera ikafika patebulo la munthu amene ali ndi mulu wa makalata ena komanso ntchito yake yatsikulo. Mayankho ali m'munsimu akutsata chitsanzo chimodzi chongopeka. Kampani yogulitsa feteleza ndi mbewu ku Kanengo, mumzinda wa Lilongwe, yalengeza m'nyuzipepala kuti ikufuna kalaliki woyang'anira katundu m'nyumba yake yosungiramo katundu. Wofunsira ntchitoyo ndi mayi amene wagwira ntchito yofananako kwa zaka zitatu pasitolo ya zipangizo zaulimi ku Kasungu.

Bwanji tsamba limodzi lokha, pomwe ndili ndi zambiri zoti ndinene?

Chifukwa wowerenga wanu sawerenga kalatayo monga mmene mnzanu angaiwerengere. Kawirikawiri amakhala ndi chilengezo cha ntchito pambali, kapena pepala lomwe walembapo zofunika zinayi kapena zisanu, ndipo kalata iliyonse amaiyendetsa maso kufunafuna zinthu zimenezo. Akazipeza amachonga n'kuika kalatayo ku mulu wa oitanidwa ku intavyu. Akapanda kuzipeza msanga sakhala pansi kuti azifukule, amangotenga yotsatira. Tsamba lachiwiri likutanthauza kuti zina mwa zimene akufuna zabisala pamalo pomwe mwina safikapo.

Komanso zambirizo zili ndi kwawo kale. Sukulu zonse zomwe munapitako, madeti, mayina a okuchitirani umboni, zonsezo ndi za mu CV. Kalata ili ndi ntchito ina: kutola zinthu ziwiri kapena zitatu za mu CV n'kusonyeza kuti zikugwirizana ndi ntchito imeneyi, osati ntchito ina iliyonse.

Patsamba limodzi pamakwana mawu angati, nanga ndiwagawe bwanji?

Tiwerengere limodzi. Pepala la A4 ndi lalitali masentimita 29.7 ndipo m'lifupi ndi masentimita 21. Mukasiya mpata wa masentimita 2.54 mbali zonse zinayi, umene Word amaika yekha, n'kulemba ndi zilembo za Times New Roman za saizi 12 popanda kutalikitsa mizere, patsambapo pamalowa mizere pafupifupi 50. Koma si yonse yanu. Keyala yanu, deti, keyala ya kampani, malonje, mutu wa kalata, mawu otsanzika, malo osainira, dzina lanu ndi mizere yodumpha pakati pa zonsezi zimadya pafupifupi theka la tsamba. Mumatsala ndi mizere 25 kapena kuchepera apo, yomwe m'Chingerezi ndi mawu apakati pa 250 ndi 300. M'Chichewa mawu amatalika, choncho amalowa ocheperako.

Mawu amenewa musawagawe mofanana. Chiyambi chitenge mawu 40 mpaka 50, kutanthauza ziganizo ziwiri kapena zitatu. Mathero nawonso atenge 40 mpaka 50. Otsalawo, 170 mpaka 200, ndi a umboni. Mukamaliza kulemba, yang'anani tsambalo chapatali osaliwerenga. Ngati ndime yapakati sikuoneka yonenepa kuposa zinzake, kalatayo yathera mphamvu pa malonje ndi kuthokoza.

Ndiyambire pati ndisanalembe chiganizo choyamba?

Yambirani pa chilengezo, muli ndi cholembera m'manja. Cha ku Kanengo chija chikufuna munthu wa MSCE, wokhala ndi satifiketi ya kagulidwe ndi kasungidwe ka katundu, amene wagwirapo ntchitoyi zaka zosachepera ziwiri, wodziwa Excel, wodziwa kuwerenga sitoko mwezi ndi mwezi, komanso wotha kugwira ntchito nthawi ya pikitipikiti. Gawani pepala pakati. Kumanzere lembani zofunika zisanu ndi chimodzizi. Kumanja, moyang'anizana ndi chilichonse, lembani chinthu chimodzi chimene munachita chosonyeza kuti muli nacho.

Mukatero muona kuti zofunikazo zili mitundu iwiri. MSCE, satifiketi ndi zaka ndi zongochonga: muli nazo kapena mulibe, ndipo zimakwana m'chiganizo chimodzi. Kuwerenga sitoko, Excel ndi kupirira nthawi ya pikitipikiti ndi zofuna kutsimikizira, chifukwa aliyense akhoza kunena kuti amazitha. Zongochongazo zipite ku chiyambi. Zofuna kutsimikizirazo ndiye thunthu la kalata yanu.

Lembani thunthulo poyamba. Chiyambi chimavuta kulemba pamene simunadziwe chimene mukuchitsegulira njira.

Ndime yoyamba ikhale ndi chiyani?

Zinthu zitatu. Choyamba, dzina la ntchito monga momwe lalembedwera m'chilengezo, pamodzi ndi nambala yake ngati aiikapo. Kampani ikalengeza ntchito zingapo tsiku limodzi, makalata amayamba agawidwa m'milu, ndipo kalata yongoti "ndikufunsira ntchito pakampani panu" ilibe mulu wake. Chachiwiri, kumene ndi tsiku limene munaona chilengezocho. Chachitatu, chiganizo chimodzi chopatsa wowerenga chifukwa chopitirizira.

Mayi wa ku Kasungu uja akhoza kulemba motere: "Ndikufunsira ntchito ya kalaliki woyang'anira katundu yomwe munalengeza m'nyuzipepala ya The Nation pa 6 Okutobala. Ndili ndi MSCE ndi satifiketi ya kagulidwe ndi kasungidwe ka katundu, ndipo kwa zaka zitatu ndakhala ndikuyang'anira feteleza ndi mbewu pasitolo ya zipangizo zaulimi ku Kasungu."

Ziganizo ziwiri zokha, koma wowerenga wachonga kale zinthu zitatu, ndipo wadziwanso kuti katundu amene mayiyu amamudziwa ndi yemwe kampaniyo imagulitsa. Onani zomwe mulibe m'ndimemo: dzina lake, lomwe lili m'munsi mwa kalata, zaka zake zakubadwa, mudzi, mfumu yaikulu ndi boma lomwe amachokera, mpingo wake. Izi zilowe pokhapokha chilengezo chitazifunsa, ndipo ngakhale zitafunsidwa malo ake ndi mu CV.

Tinazolowera kuyamba ndi kudzichepetsa ndi kupempha. Kodi n'kulakwa?

Ulemu si wolakwika, koma uli ndi malo ake ndi muyeso wake. Malonje oyenera, kalata yopanda zofufutafufuta ndi chiganizo chimodzi chothokoza kumapeto, umenewo ndi ulemu wokwanira. Vuto limabwera pamene mizere inayi yoyamba yonse ikuti "modzichepetsa ndi mwaulemu waukulu ndagwada kupempha kuti mundiganizire". Mizere yoyambayi ndi imene mungakhulupirire kuti iwerengedwa, ndiye mwaipereka ku mawu omwe ali m'makalata ena ambiri a mumulu womwewo.

Chimodzimodzi kudandaula za mavuto apakhomo, kuti ndinu woyamba kubadwa, makolo anamwalira, abale akuyang'ana inu. Zikhoza kukhala zoona zokhazokha, ndipo wowerenga akhoza kumva chisoni. Koma iye akayankha kwa mabwana ake chifukwa chomwe wasankhira anthu asanu mwa onsewo, ndipo chisoni sangachilembe papepala lake lochongera.

Umboni ndi chiyani kwenikweni? Kunena kuti ndine wolimbikira ndi wokhulupirika si umboni?

Ayi, kumeneko ndi kudzinenera. Wogula chimanga pamsika samvera wogulitsa akamati n'chouma bwino, amapisa dzanja m'thumba n'kuluma njere. Umboni ndi chinthu chimene wowerenga angachigwire: chimene chinachitika, pamalo odziwika, chokhala ndi kukula kwake, chimene bwana wanu wakale angachivomere ataimbiridwa foni.

Umboni wabwino umakhala ndi zigawo zitatu zotsatana: mmene zinthu zinalili, chimene inuyo munachita, ndi chimene chinatsatira. Onani kusiyana kwake. Kalata yofooka imati: "Ndine munthu wosamala katundu ndipo ndimadziwa kuwerenga sitoko." Mayi wathu uja akulemba kuti: "Nditayamba ntchito, chiwerengero cha pamakhadi a katundu chinkasiyana ndi matumba enieni ndi 15 mpaka 20 mwezi uliwonse. Ndinayamba kulemba khadi thumba lisanatuluke pakhomo m'malo modikira madzulo, ndiponso kuwerenga feteleza Lachisanu lililonse. Kwa miyezi 8 yapitayi kusiyanako sikunapose matumba awiri."

Mawu akuti "wosamala" mulibemo, koma wowerenga wawaganiza yekha, ndipo chimene munthu waganiza yekha amachikhulupirira kuposa chimene wauzidwa. Komanso mkulu woyang'anira nyumba yosungira katundu akawerenga zimenezi akudziwa kuti wolembayo waigwiradi ntchitoyi. Iye amadziwa kuti matumba amasowa m'mabuku makamaka chifukwa cha chizolowezi chongotulutsa katundu anthu akachuluka n'kumati tilemba bwino madzulo. Munthu wongomva za ntchitoyi sangatchule zimenezo.

Chigawo chimene ambiri amachidumpha ndi chachitatu. Amalemba mndandanda wa ntchito zawo: ndinkalandira katundu, ndinkalemba makhadi, ndinkawerenga sitoko. Izi zikungonena zimene munthu aliyense wa paudindo umenewo amapatsidwa kuti achite, wakhama ndi waulesi yemwe. Pa chiganizo chilichonse dzifunseni kuti, "Ndiye chinatsatira n'chiyani?" Ngati palibe yankho, chiganizocho ndi cha mu CV.

Ena amachita manyazi, amati kumeneku n'kudzitama. Pamenepa fumbi ndiwe mwini, palibe wina adzakulembereni. Ndipo kunena chimene chinachitika ndi manambala ake n'kodzichepetsa kuposa kudzipatsa mayina okoma asanu opanda chowachirikiza.

Ndiike maumboni angati, nanga uyambe ndi uti?

Awiri kapena atatu. Umboni umodzi wolembedwa mokwanira umadya mawu 50 mpaka 60, ndiye m'mawu 180 mumalowa atatu basi. Mukakakamiza asanu, uliwonse umatsala chiganizo chimodzi chopanda chotsatira chake, ndipo mwabwerera ku mndandanda uja.

Yambani ndi umene ukuyankha chinthu chimene kampaniyo ikuchiopa kwambiri. Chimenechi mumachidziwa poona zimene zabwerezedwa m'chilengezo, kapena zimene zili koyambirira kwa mndandanda wa ntchito za paudindowo. Kwa kalaliki wa katundu, mantha aakulu ndi kusowa kwa katundu, choncho nkhani ya makhadi ija ikhale patsogolo. Musatsate ndondomeko ya zaka, yoyamba ndi ntchito yanu yakale kwambiri. Imeneyo ndi ndondomeko ya mbiri, ndipo imaika umboni wamphamvu kumapeto komwe maso afika atatopa.

Mayi uja akhoza kudula thunthu lake pawiri. Ndime yoyamba ikhale ya makhadi yokha. Yachiwiri iphatikize pikitipikiti ndi Excel: "M'miyezi ya Novembala ndi Disembala, alimi akamathamangira feteleza, timatulutsa matumba a makilogalamu 50 okwana 300 patsiku. Ndinakonza tebulo mu Excel losonyeza katundu wotsala ndi tsiku lomwe mbewu iliyonse inafika, kuti yoyamba kufika izikhalanso yoyamba kutuluka. Nyengo yathayi palibe mbewu imene inagonera mpaka chaka china." Ndime ziwiri za mizere isanu kapena isanu ndi umodzi zimawerengeka msanga kuposa chindime chimodzi cha mizere 12. Chiganizo choyamba cha ndime iliyonse chitchule chofunika chomwe ikuyankha, ndipo chitchule ndi mawu omwe ali m'chilengezo. Ngati iwo alemba "kuwerenga sitoko", inu musalembe "kuonetsetsa kuti katundu ali bwino", chifukwa maso a wowerenga akusaka mawu ake omwe.

Nanga ngati manambala sindikuwakumbukira bwino, kapena ndi chinsinsi cha kumene ndikugwira?

Musapeke. Nambala iliyonse ya m'kalata ndi funso la ku intavyu, ndipo adzakufunsani kuti munaipeza bwanji. Ngati mukudziwa kukula kwake koma osati nambala yeniyeni, lembani "pafupifupi" kapena "oposa", ndipo mutsitse m'malo mokweza.

Nambala si ya ndalama yokha. Mukhoza kunena kuchuluka kwa mitundu ya katundu, kuchuluka kwa anthu omwe munkawatumikira patsiku, kangati pamwezi munkachita chinthu, kapena nthawi imene ntchito inkatenga kale ndi imene ikutenga tsopano. Ndalama zomwe sitolo imapeza, mitengo yomwe imagulira katundu ndi mayina a makasitomala ake, izi zisiyeni. Kampani imene mukufunsirayo mwina ndi yopikisana nayo, ndipo wowerenga adzaganiza kuti mawa mudzaulutsanso zawo. Samalaninso pofotokoza mmene zinthu zinalili musanazikonze. "Chiwerengero chinkasiyana" ndi zokwanira. "Anzanga ankaba ndipo abwana sankalabadira" ndi miseche, ndipo imaipitsa wolemba.

Ndangomaliza kumene sukulu. Ndime yaumboni ndiikemo chiyani?

Zigawo zitatu zija sizifuna kuti ntchitoyo ikhale yolipidwa. Miyezi itatu yophunzira ntchito pakampani pamene munali kukoleji, kusunga mabuku a banki m'khonde, kuyang'anira golosale ya amalume nthawi yatchuthi, kukhala msungichuma wa kwaya, zonsezi muli zowerengeka. Wofunsira ukalaliki wa katundu akhoza kunena kuti kwa miyezi inayi ankalemba katundu wolowa ndi wotuluka m'golosale ya mitundu ya katundu pafupifupi 80, ndipo ndi iye anayambitsa kope lolemba zomwe zatsala pang'ono kutha. Tchulani chinthucho ndi dzina lake lenileni. Golosale ikhale golosale, musaisandutse kampani.

Maphunziro akhoza kukhala umboni ngati mwatchula chimene munapanga, osati dzina la phunziro lokha. "Ndinaphunzira Excel" n'zochepa. "Ndinakonza tebulo lowerengera lokha katundu wotsala monga ntchito yanga ya chaka chomaliza" zikumveka. Ngati muli ndi maumboni awiri okha, kalata ikhale yaifupi. Mawu 200 olimba sachititsa manyazi.

Chimodzi mwa zofunika ndilibe. Ndichitchule kapena ndikhale chete?

Zitengera kuti ndi chiti. Ngati chilengezo chanena kuti chinthucho n'chongowonjezera mwayi, khalani chete, malowo muike umboni wina. Ngati n'chofunika ndithu ndipo kusowa kwake kukuonekeratu mu CV, monga kukhala ndi chaka chimodzi ndi theka pomwe akufuna ziwiri, chitchuleni m'chiganizo chimodzi chakumapeto kwa thunthu, chophatikiza ndi chimene chikudzaza mpatawo: "Ndagwira ntchitoyi miyezi 18, ndipo m'miyezi imeneyi muli nyengo ziwiri zogulitsa feteleza." Osapepesa, ndipo osachiika m'chiyambi. Koma ngati chosowacho ndi chiphaso chimene ntchitoyo singagwirike popanda icho, monga laisensi kwa dalaivala, palibe kalembedwe kamene kangachilowe m'malo.

Kodi ndinene chifukwa chomwe ndikufunira kampani imeneyi? Ndiike pati?

Chiganizo chimodzi, kumapeto kwa thunthu kapena koyambirira kwa mathero, ndipo chikhale choti sichingalowe m'kalata yopita kwina. "Kampani yanu yotchuka" imakwana paliponse, ndiye ilibe ntchito. Mayi uja akhoza kunena kuti akufuna kuchoka pasitolo imodzi n'kukagwira kumene katundu amachokera popita ku masitolo ambiri, popeza mavuto a mbali yolandira akuwadziwa kale. Ngati mulibe chifukwa choona choposa kufuna ntchito, dumphani. Palibe amadabwa kuti munthu akufuna ntchito.

Ndime yomaliza igwire ntchito yanji?

Imuuze wowerenga chochita akafuna kukupezani, ndipo imuchotsere mafunso ang'onoang'ono omwe angamuchedwetse. Muikemo zomwe mwatumiza pamodzi ndi kalatayo, tsiku lomwe mungayambe ntchito, nambala ya foni, ndi pempho la intavyu lonenedwa mosazungulira. Mwachitsanzo: "Ndaphatikiza CV yanga, makope a masatifiketi ndi mayina a anthu atatu ondichitira umboni monga munapemphera. Ndikhoza kuyamba ntchito patatha mwezi umodzi chilandirireni kalata yanu, chifukwa ndiyenera kupereka notisi kumene ndili. Ndingakondwe kudzafotokoza zambiri pa intavyu, ndipo ndimapezeka pa nambala ili pamwambayi. Zikomo powerenga kalata yanga."

Nkhani ya tsiku loyambira ambiri amaiiwala, chonsecho kwa kampani ya feteleza yomwe yalengeza ntchito mu Okutobala ndi nkhani yaikulu: ikufuna munthu afike mvula isanayambe. Onani mgwirizano wanu wa ntchito kuti notisi yanu ndi yaitali bwanji musanalonjeze. Wonena kuti ayamba mawa pomwe ali pantchito kwina akuuza bwana watsopanoyo mmene adzachokere kwa iyenso.

Zitatu zimene zimaononga mathero ndi izi. Kubwereza zonse za m'thunthu, ngati kuti wowerenga waiwala zimene wawerenga mizere isanu yapitayo. Kubweretsa umboni watsopano, womwe ukanakhala wofunika ukanakhala pamwamba. Ndi kubwerera ku kupempha kuja, kuti "chonde ndithandizeni, ndidzagwira ntchito iliyonse imene mungandipatse", mawu omwe amafafaniza zonse zimene mwangotsimikiza zoti ndinu woyenera ntchito iyiyi. Nambala ya foni ikhale imene imakhala yotsegula masana. Woitana anthu ku intavyu akaimba kawiri osakupezani, pamndandanda pake pali dzina lina.

Za malipiro nditchule?

Pokhapokha chilengezo chitafunsa. Chikafunsa, yankhani m'mathero ndi chiganizo chimodzi chopereka malire apansi ndi apamwamba, ndipo munene ngati ndalamazo ndi za msonkho usanachotsedwe kapena utachotsedwa. Kusayankha funso lomwe afunsa kumaoneka ngati simunawerenge chilengezo mpaka pansi.

Kalata yasefukira patsamba lachiwiri ndi mizere isanu. Ndichepetse zilembo?

Dulani mawu kaye. Yambani ndi chiyambi: chotsani chiganizo chilichonse chimene chili patsogolo pa dzina la ntchito. Kenaka sakani mawu odzinenera, monga wolimbikira, wodalirika, womvera, wochezeka, n'kuwachotsa onse. Kenaka chotsani chiganizo chilichonse chongobwereza mzere wa mu CV popanda kuwonjezapo chotsatira chake. Nthawi zambiri mizere isanu ija imathera pamenepa. Ikapanda kutha, chotsani umboni wachitatu wonse m'malo mometa atatu onsewo.

Mukatha izi m'pamene mungakhudze maonekedwe, ndipo pang'ono pokha. Zilembo zitsike kufika pa saizi 11, osapitirira apo. Mpata wa m'mphepete utsike kufika pa masentimita awiri. Foni ndi imelo zikhoza kukhala pamzere umodzi. Chimene simuyenera kuchotsa ndi mzere wodumpha pakati pa ndime, chifukwa ndi umene umaonetsa wowerenga, asanawerenge liwu lililonse, kuti apa ndi chiyambi, apa umboni, apa mathero. Kalata ya zilembo za saizi 9 yothinana kuchokera pamwamba mpaka pansi ndi ya masamba awiri ndithu, yangobisala.

Makalata ambiri kuno timalemba m'Chingerezi. Zimenezi zisintha chiyani?

Kagawidwe ka ndime sikasintha. Lembani m'chilankhulo chimene chilengezo chalembedwa, ndipo ziganizo zikhale zazifupi, za mawu omwe mungawanene pakamwa pa intavyu. Mawu akuluakulu otola m'kalata ya mnzanu amaonekera, makamaka akakhala pakati pa ziganizo zanu zenizeni.

Pali lamulo limodzi la malonje lomwe olemba ntchito ambiri amaliyang'anabe. Mukayamba ndi `Dear Sir/Madam`, tsekani ndi `Yours faithfully`. Mukayamba ndi dzina la munthu, tsekani ndi `Yours sincerely`. Kalata ipite kwa amene chilengezo chatchula, ndi udindo wake monga waulembera. Mutu wa kalata ukhale mzere umodzi wa zilembo zakuda kwambiri, wonena dzina la ntchito ndi nambala yake.

Potumiza pa imelo, kalata ikhale m'thupi la imelo kapena ikhale fayilo?

Tsatani zimene chilengezo chanena, ngakhale zikuoneka zachabechabe. Ena amafuna zonse zikhale fayilo imodzi, ena amafuna dzina la ntchito lilembedwe pamzere wa mutu wa imelo, ndipo amasefa maimelo pogwiritsa ntchito mzere umenewo. Chilengezo chikakhala chete, sungani kalatayo ngati PDF. Fayilo ya Word ikatsegulidwa pakompyuta ina yopanda mtundu wa zilembo womwe munasankha, mizere imasuntha, ndipo dzina lanu likhoza kugwera lokha patsamba lachiwiri. Fayiloyo muipatse dzina lonena mwini wake ndi ntchito yake, osati `Document1` kapena `final final`. M'thupi la imelo lembani ziganizo ziwiri zotengedwa ku chiyambi chija, n'kunena zomwe mwaphatikiza. Imelo yopanda mawu, yongokhala ndi fayilo, ena saitsegula n'komwe poopa mavairasi.

Ndingadziwe bwanji kuti kalata yatheka ndisanatumize?

Pezani munthu amene sanaonepo kalatayo. Mupatseni theka la mphindi, mumulande, kenaka mumufunse mafunso atatu: ndikufunsira ntchito yanji, ndi chinthu chiti chimene ndinachita chimene wakumbukira, ndipo akafuna kundipeza achita bwanji. Akalephera loyamba, vuto lili m'chiyambi. Akayankha lachiwiri ndi mawu ngati "mwati ndinu wolimbikira", thunthu mulibe umboni, kapena umboniwo wakwiririka pakati pa ndime. Akalephera lachitatu, konzani mathero.

Kenaka phimbani dzina la kampani ndi dzina la ntchito ndi chala, muwerenge zotsalazo. Ngati zingatumizidwe kubanki, kuchipatala ndi kusukulu osasintha kanthu, bwererani ku pepala logawa pakati lija. Pomaliza yerekezani madeti ndi manambala a m'kalata ndi a mu CV, chifukwa kalata yonena zaka zitatu pomwe CV ikusonyeza ziwiri imadzutsa chikayiko pa zina zonse. Ngati munakopera kalatayi kuchokera ku ina yomwe munatumiza kwina, sakani dzina la kampani yakaleyo ndi `Ctrl+F`. Limakonda kutsalira m'keyala ndi m'chiganizo chothokoza cha kumapeto.